Musanaponye kalata kwa ba bwana, welengani manambala atatu awa

Pa 25 salale yangena, pa 5 yasila. Pakati apo munapanga kaposita ka kichinipate usiku umodzi chabe, mai wake wa mkwatibwi anakutumilani K400 pa foni. Muli mu basi yopita mu tauni, mwapanikizana anayi pa mpando, mutu wayamba masamu: ngati usiku umodzi ni K400, nanga mwezi wonse? Nivutikilanji na ba bwana?

Masamu a mu basi aja apweteka ambili. Kusiya nchito kuti muzidzisebenzela mweka si kulakwa, koma tsiku lochoka lisasankhidwe na mkwiyo wa pa Mande. Pali manambala atatu ofunika kulemba papepala: ndalama imene mufunika pa mwezi, ndalama imene mwasunga, na makasitoma amene ali kale m'manja. Tiyeni titenge chitsanzo cha mnyamata wokhala ku Chawama, amene asebenza mu shopu yopulinta mu tauni. Apanga madizaini pa kompyuta: maposita, mabana, makadi a ukwati, mapulogalamu a malilo. Akamudula zonse, apita kunyumba na K5,500. Mitengo ili pansipa ni ya chitsanzo chabe, imwe muikepo yanu.

Nambala yoyamba: mwezi wanu udya zingati?

Ambili amaganiza kuti akapanga ndalama yolingana na salale ndiye kuti afika. Si choncho, chifukwa pali zinthu zimene kampani imakulipililani mosaona.

Yambani na za panyumba. Mnyamata wathu alipila lenti K1,800. Chakudya K1,600. Malaiti, madzi na malasha K500. Amai kumudzi awatumila K400, ndipo iyi siidumphika. Mabasi, olo asiye kupita mu tauni tsiku lililonse, azafunikabe K400 yokaonana na makasitoma na kukapulintisa. Zonse pamodzi ni K4,700.

Manje onjezani zimene ba bwana anali kunyamula. Intaneti ya ku ofesi yasila, mabandulo ni K500. Laputopu ikafa palibe wokukonzelani, choncho K300 iziikidwa pambali mwezi uliwonse. Pa nchito, NAPSA imadulidwa 5 pelesenti kwa imwe ndipo kampani imaikapo 5 ina, NHIMA ni 1 pelesenti uku na 1 uku. Mukachoka, mbali ya kampani yapita, ndipo ngati mufuna penshoni na kadi ya ku chipatala zipitilize, muzazilipila mweka: tiike K300. Ina K200 ni ya msonkho. Izi zakwana K1,300.

Mwaona? Mwezi wa mnyamata uyu akakhala payekha udya K6,000, kupitilila salale yake ya K5,500. Iyi ndiyo nambala yomangilapo zonse.

Nambala yachiwili: thumba la miyezi 6

Chulukitsani nambala ija kasanu na kamodzi. K6,000 kwa miyezi 6 ni K36,000. Muzakamba kuti ni ndalama maningi, ndipo ni zoona. Koma onani chifukwa chake.

Choyamba, kugwila nchito na kulandila ndalama ni zinthu ziwili zosiyana. Munthu wamba alipila pa foni tsiku lomwelo, koma kampani kapena sukulu izakuuzani kuti siyani invoisi, wosaina cheke kulibe, bwelani kumapeto kwa mwezi. Nchito ya mu Malichi mungailandile mu Meyi, pamene ba landilodi sadikila. Chachiwili, chaka chili na miyezi yakufa. Januwale na Febuluwale anthu amakhala atauma na Khisimasi, mayunifomu na feteleza, palibe amene aganiza za kichinipate. Chachitatu ni malaiti. Tonse tikumbuka 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo makomboni anali kukhala mu mdima pafupifupi tsiku lonse. Wa pa salale analandilabe, koma wodzisebenzela amene analibe batile kapena sola anangokhala.

Ngati mukali kukhala kwa makolo ndipo mulibe mwana, miyezi 4 ingakwane. Ngati muli na banja ndipo ndimwe mweka mubweletsa ndalama, musatsike pa 6.

Nanga K36,000 ichoka kuti? Mnyamata wathu apanga pafupifupi K2,500 pa mwezi na tunchito twa usiku na pa Sabata. Akaleka kuidya, n'kuonjezapo K500 ya pa salale, ni K3,000 pa mwezi. Pakatha miyezi 12 thumba lakwana. Chaka chimeneco si nthawi yotayika, chifukwa ndimo muzaonela ngati makasitoma anu ni enieni.

Pali ndalama zina zimene siziyenela kuwelengedwa mu thumba ili. Ya laputopu, batile na invata ni yapadela, ndipo zida izi mugule mukali pa salale. Ndalama ili mu chilimba kapena mu vileji banki si thumba, chifukwa siituluka tsiku limene mwaifuna. Ya kaloba musaiganizile n'komwe. Ndipo 20 pelesenti imene NAPSA inayamba kulola anthu kutapa mu 2023, kwa amene aponya miyezi 60 kapena afika zaka 45, imatengedwa kamodzi chabe. Ni ndalama ya ukalamba wanu, osati ya lenti ya Febuluwale. Thumba likhale mu akaunti yake, yosalumikizidwa ku foni imene mugulila mabandulo. Ndipo musalengeze kwa abululu kuti lilipo.

Nambala yachitatu: makasitoma obwelela

Apa ndipo ambili amadzinamiza. Anthu 40 okuyamikilani pa WhatsApp si makasitoma. Msuweni amene anakamba kuti "nizakupezela nchito maningi" si kasitoma. Kasitoma ni amene anakulipilani kale kawili kapena katatu, pa mtengo wanu, popanda kumupilikitsa.

Ndipo makasitoma ali mitundu iwili. Wa kadi ya ukwati abwela kamodzi, chifukwa sakwatila mwezi uliwonse. Amene mufuna ni obwelela. Cholinga musanachoke chikhale ichi: makasitoma atatu obwelela, amene pamodzi akwanitsa kupitilila theka la nambala yoyamba ija.

Kwa mnyamata wathu zingakhale motele. Sukulu ya pulaiveti imene ifuna timapepala totsatsa, masatifiketi na zidziwitso za makolo imupatsa K1,500 pa mwezi. Butchala imene ifuna zithunzi zotsatsa mitengo pa Facebook sabata iliyonse, K1,200. Tchalitchi ya maposita a misonkhano, K800. Pamodzi K3,500. Yotsala kuti afike pa K6,000 ni K2,500, ndiye kuti makadi 10 a K250 pa mwezi, tunchito tuwili kapena tutatu pa sabata. Izi zingatheke. Koma popanda atatu aja, afunika makadi 24 mwezi uliwonse, kwa anthu atsopano okhaokha. Apo ndipo munthu amayamba kutsitsa mtengo mpaka kusebenzela mahala.

Samalaninso kuti kasitoma mmodzi asapitilile theka la ndalama zanu zonse. Akapitilila, mwangosintha bwana, koma uyu alibe peyisilipi, alibe livu, ndipo angakusiyeni na meseji imodzi.

Muziyesa bwanji kuti mwafika? Lembani mu buku ndalama imene yangena, osati imene mwalonjezedwa. Ngati kwa miyezi itatu yotsatana ya pambali ifika K3,500 mukali pa nchito, ndipo mwayamba kukana nchito zina chifukwa nthawi yachepa, chizindikilo chaoneka. Koma miyezi itatu ija ikhale wamba. Novembala na Disembala amanama, maukwati amakhala mbwee. Chaka cha masankho chimanama kwambili: aliyense ofuna ukhansala afuna maposita na mabana, koma mavoti akaponyedwa mu Ogasiti, foni imakhala zii, ndipo ena oluza salipila n'komwe.

Za kulipila, yambani lelo lamulo la dipoziti: theka musanatsegule laputopu, theka musanatumize failo yomaliza. Chitsanzo chotumiza kuti aone chikhale na dzina lanu pakati. Kasitoma amene akwiya na dipoziti wakuonetsani kale mwamene azalipilila.

Chokani bwino, pa mwezi wabwino

Manambala atatu akakwana, tengani kontilakiti yanu muiwelenge. Lamulo la nchito la 2019 likamba kuti pa kontilakiti yopitilila miyezi itatu, notisi ni masiku 30. Likambanso kuti wa kontilakiti yaitali ya nthawi yoikika alandile gilachuwite yosachepela 25 pelesenti ya malipilo oyambila ikasila. Ngati yanu isila pakapita miyezi inayi, pililani, musaike ndalama imeneyo pa ngozi chifukwa cha changu. Onaninso masiku a livu amene simunatenge.

Ngati muli na loni yodulidwa pa salale, isilizeni musanachoke. Salale ikaima nkhongole siima, ndipo izadya thumba lija mwakachetechete.

Tengani TPIN ku ZRA ngati mulibe, ni yaulele, ndipo funsani komweko mtundu wa msonkho umene ukhudza nchito yanu. Masukulu na makampani azaifuna pa invoisi, ndipo ena safuna kulipila mu dzina la munthu, choncho kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA kumatsegula zitseko.

Osanyamula makasitoma a ba bwana pochoka. Lusaka ni yaing'ono, nkhani imayenda. Komanso imwe mulibe makina opulintila mabana, mawa muzabwelela pa shopu yomweyo kukapulintisa, ndipo masiku amene nchito yawachulukila, ba bwana akale angakhale kasitoma wanu wachinayi.

Mwezi nawo musankhe. Wa madizaini achoke cha mu Julayi kapena Ogasiti, kuti angene mu nyengo ya maukwati na mapwando akumapeto kwa chaka, Januwale imupeze ali na mafuta. Kuchoka mu Disembala mutalandila bonasi kumamveka bwino, koma ndiye kuti mwayambila pa miyezi yakufa.

Chomaliza, lembani mzele wobwelela musanayambe. Kwa mnyamata wathu ni K12,000, ndalama ya miyezi iwili. Thumba likatsika kufika apo ndipo ya pa mwezi ikali pansi pa K6,000, ayambe kutumiza makalata ofunsila nchito, kwinaku akusunga makasitoma ake atatu usiku. Kufuna nchito uli na lenti ya miyezi iwili m'thumba kumasiyana na kuifuna katundu ali panja.

Lelo madzulo, tengani kabuku na bolopeni. Lembani lenti pamwamba, mutsike nazo mpaka mupeze nambala yanu yoyamba. Kalata ya ba bwana ingadikile.