Manambala asintha usiku umodzi: kalata imene bwana ayenera kulandira

Masiku ano akuluakulu a makampani ndi mabungwe ambiri sadikiranso lipoti la papepala kuti adziwe mmene chuma chikuyendera. Amatsegula dashibodi, tsamba limodzi la pakompyuta limene limasonyeza mwachidule ndalama zolowa, zotuluka ndi zotsala pa bajeti. Dashibodi simasunga manambala akeake. Pulogalamu ngati Power BI imakatenga manambalawo m'mabuku a chuma, kaya ali mu Sage, QuickBooks kapena Excel, ndipo imawatenganso mwatsopano pa nthawi imene inaikidwa, kawirikawiri usiku. Choncho wazachuma akakonza cholakwika m'mabuku Lachisanu madzulo, pofika Lolemba tsambalo limakhala litasintha lokha, popanda chizindikiro chonena kuti pali chimene chachitika.

Tiyerekeze kampani yogulitsa mbewu ndi feteleza imene bajeti yake ya Januwale mpaka Malichi inali K45 miliyoni. Lachisanu dashibodi ikusonyeza kuti agwiritsa ntchito K48.6 miliyoni, kutanthauza kuti apyola bajeti ndi K3.6 miliyoni, ndipo bwana mkubwa alamula kuti kugula zinthu kuyambe kwaima. Lolemba atsegulanso n'kupeza K41.9 miliyoni. Munthu aliyense wanzeru angafunse kuti K6.7 miliyoni yapita kuti, ndipo ena mumtima angayambe kuganiza kuti pali amene akubisa zinazake. Imelo ya wazachuma iyenera kufika bwanayo asanatsegule tsambalo, chifukwa akadzionera yekha kusinthako, kufotokoza kulikonse kobwera pambuyo kumamveka ngati kudziteteza.

Imelo yabwino ingalembedwe motere:

"Bwana, mukatsegula dashibodi lero muona kuti ndalama zogwiritsidwa ntchito mu Januwale mpaka Malichi zatsika kuchoka pa K48.6 miliyoni kufika pa K41.9 miliyoni. Palibe ndalama imene yalowa kapena kutuluka kubanki chifukwa cha kusinthaku. Takonza kalembedwe ka zinthu zitatu m'mabuku. Tachotsa K5.2 miliyoni ya malipiro a Febuluwale imene inalowetsedwa kawiri. Tachotsa K2.4 miliyoni ya inshuwalansi imene ndi ya miyezi yakutsogolo. Tawonjezera K0.9 miliyoni ya mafuta a galimoto a mu Malichi imene inagwera mu Epulo. Nambala yolondola ndi K41.9 miliyoni, ndipo tili pansi pa bajeti ndi K3.1 miliyoni. Ndikupempha kuti muonenso lamulo loimitsa kugula zinthu, chifukwa linachokera pa nambala yakale ija."

Mtima wa kalatayi ndi mizere itatu ya pakati ija. Bwana atatenga cholembera ayenera kutha kuyenda kuchoka pa nambala yakale kufika pa yatsopano: 48.6 kuchotsa 5.2, kuchotsa 2.4, kuphatikiza 0.9, yankho 41.9. Masamu akapanda kutuluka ndendende, ndiye kuti pali china chimene chasintha chomwe wazachumayo sanachione, ndipo imelo isatumizidwe mpaka atachipeza. Kulemba chabe kuti "takonza zolakwika zina ndi zina" n'kupempha bwana kuti akhulupirire osaona, ndipo ine ndimaona kuti kalata yotere imawononga kuposa kukhala chete. Onaninso kuti mzere wokweza nambala sunabisidwe. Kalata yongotchula zokomera ofesi ya zachuma imakayikitsa, pomwe yosonyeza zotsitsa ndi zokweza pamodzi imaonetsa kuti munthu anafufuza mabuku onse.

Zolakwika zitatuzi sizofanana, ndipo bwana ayenera kudziwa kusiyana kwake. Malipiro olowa kawiri amachitika pamene fayilo ya malipiro yalowetsedwa m'mabuku, kompyuta n'kuoneka ngati yakana, munthu n'kuilowetsanso. Amazindikira poyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki: m'mabuku muli mizere iwiri ya K5.2 miliyoni ya tsiku limodzi, koma kubanki ndalamayo inatuluka kamodzi. Apa funso loyamba la bwana lidzakhala lakuti kodi antchito analandira kawiri, ndipo lachiwiri lakuti kodi msonkho wa PAYE wopita ku MRA unawerengedwa pa nambala yolakwika. Wazachuma wodziwa ntchito amayankhiratu mafunso awiriwa m'kalata momwemo, atatsimikiza kaye.

Nkhani ya inshuwalansi ndi imene imasokoneza anthu ambiri, chifukwa ndalamayo inatulukadi. Kampani inalipira K3.2 miliyoni mu Januwale, ya chaka chonse. Malamulo a kalembedwe ka chuma amafuna kuti mtengo ugawidwe m'miyezi imene chinthucho chikugwira ntchito, kotero miyezi itatu yoyamba iyenera kusenza gawo limodzi mwa magawo anayi, K0.8 miliyoni. Yotsalayo, K2.4 miliyoni, imaikidwa pambali ngati zolipiriratu, ndipo idzaonekera pang'onopang'ono, K0.8 miliyoni pa miyezi itatu iliyonse mpaka Disembala. Bwana akapanda kuuzidwa izi angaganize kuti apulumutsa K2.4 miliyoni n'kuyamba kuikonzera ntchito ina, pomwe ndalamayo inapita kale.

Za mafuta zija gwero lake ndi deti. Kuno tikalemba 04/03 timatanthauza pa 4 Malichi, koma kompyuta yotcheredwa mwa kalembedwe ka ku America imawerenga mwezi poyamba, n'kuona ngati ndi pa 3 Epulo. Vutoli limabisala chifukwa limagwira madeti a pa 1 mpaka pa 12 okha. Deti ngati 25/03 silingasanduke mwezi wa 25, ndipo kompyuta imalikana kapena kulisiya ngati mawu wamba. Kubweza invoisiyo ku Malichi kukutanthauza kuti nambala ya Epulo nayonso yatsika ndi K0.9 miliyoni, ndipo imelo iyenera kunena zimenezi kuti bwana asadzadabwe kachiwiri.

Pali njira yokonzera imene kalata iyenera kutchula ngakhale ndi mzere umodzi. M'mabuku a chuma cholakwika sachifufuta. Amalemba mzere wina wobweza, wokhala ndi deti, nambala yake, dzina la wolemba ndi la wovomereza, kuti owunika mabuku akadzabwera adzaone cholakwika ndi kukonza kwake zili pamodzi. Nambala za mizere yobwezayi aziike m'kalata kapena m'fayilo yotumizira limodzi, pamodzi ndi chithunzi cha dashibodi ya Lachisanu ngati anachisunga, pakuti dashibodi zambiri zimangosonyeza za lero, za dzulo sizizikumbuka. Dzina la amene analakwitsa silifunika mu imeloyi, pokhapokha ngati pali chikayiko cha chinyengo, ndipo zikatero nkhaniyo imadzera njira ina yosakhala imelo wamba.

Chotsala n'kufufuza kumene nambala yakale inafika kale. Ngati K48.6 miliyoni inangoonedwa ndi bwana yekha, imelo imodzi yakwana. Ngati inalowa m'lipoti lopita ku bodi, kubanki yobwereketsa ngongole kapena kwa opereka thandizo, wazachuma atchule lipoti lililonse ndi deti lake, kuti bwana asankhe yekha amene akawauze ndi mmene akawauzire. Ndipo cholakwika chikakhala chachikulu, chokhudza chaka chimene mabuku ake anatsekedwa ndi kuwunikidwa kale, imelo sikwanira: lamulo la IAS 8 limafuna kuti manambala a chaka chakalecho akonzedwe m'malipoti a chuma otsatira, ndi kufotokoza chimene chinalakwika ndi kukula kwake. M'chitsanzo chathu zonse zachitika mkati mwa chaka chimodzi chosatsekedwa, choncho chimene chikudikira yankho la bwana Lolemba limenelo ndi maoda a feteleza amene anaimitsidwa Lachisanu.