Kuphatikiza mafayilo a PDF pa kompyuta yanu, popanda intaneti

Malonda ambiri a ntchito masiku ano amanena kuti kalata yofunsira ntchito, mbiri ya maphunziro ndi masatifiketi zitumizidwe mu fayilo imodzi ya PDF. Munthu akakhala ndi mafayilo atatu, kawirikawiri amathamangira ku mawebusaiti ophatikiza mafayilo. Pamenepo satifiketi yake ya MSCE ndi chiphaso chake cha unzika zimakwera kupita ku kompyuta ya anthu amene sakuwadziwa, ndipo bandulo imatha kawiri, pokweza ndi potsitsa. Ine sindiona chifukwa chochitira zimenezi, popeza kompyuta yapanyumba imaigwira yokha ntchitoyi.

Pulogalamu imene ndimaidalira ndi qpdf. Ndi yaulere, imapezeka pa Linux, Windows ndi Mac, ndipo mukaiika kamodzi siifunanso intaneti. Ubwino wake ndi wakuti imanyamula masamba monga momwe alili, osawajambulanso, choncho zilembo sizifufuma ndipo chidindo cha pa satifiketi chimaonekabe bwino.

Tiyerekeze kuti muli ndi kalata.pdf ya tsamba limodzi, mbiri.pdf ya masamba awiri, ndi masatifiketi.pdf ya masamba 6 imene munasikana ulendo umodzi. Mu fayilo yachitatuyi tsamba 1 ndi MSCE, tsamba 2 ndi kumbuyo kwake kopanda kanthu, tsamba 3 ndi dipuloma, tsamba 4 ndi zotsatira za mayeso, ndipo masamba 5 ndi 6 ndi chiphaso cha unzika chimene olemba ntchito sanapemphe. Mukufuna kuti dipuloma ikhale patsogolo. Ikani mafayilo onse mu foda imodzi, tsegulani zenera lolembamo malamulo mu foda yomweyo, n'kulemba motere:

```
qpdf --empty --pages kalata.pdf mbiri.pdf masatifiketi.pdf 3,4,1 -- pempho.pdf
```

Mawu akuti `--empty` akuuza pulogalamuyi kuti iyambe ndi fayilo yopanda kanthu. Mayina otsatira `--pages` amalowa motsatana monga mwawalembera. Fayilo imene simunaiikire manambala imalowa yonse, pomwe ya masatifiketi ilowetsa masamba atatu okha, dipuloma poyamba, MSCE pomaliza. Timizere tiwiri toima patokha tikusonyeza kuti mndandanda wathera pomwepo, ndipo dzina lobwera pambuyo pake ndi la fayilo yatsopano. Mukaiwala timizereto lamulo limakana. Mafayilo anu oyamba aja sakhudzidwa.

Kutulutsa masamba mu fayilo imodzi n'chimodzimodzi, kungotchula fayilo imodzi ndi masamba ake, monga `2-5`. Chilembo `z` chimaimira tsamba lomaliza, kotero `7-z` ndi kuyambira tsamba 7 mpaka kumapeto.

Pamanambala ndi pamene ambiri amapunthwa. Pulogalamuyi imawerenga masamba kuyambira loyambirira lenileni, osati nambala yosindikizidwa m'munsi mwa pepala. Ngati lipoti lili ndi chikuto ndi masamba atatu a zam'katimu opanda nambala, tsamba lolembedwa 10 ndi la 14 mu fayilo. Mukalemba `10-12` mudzatulutsa masamba olembedwa 6 mpaka 8, ndipo palibe chimene chidzakuchenjezeni, chifukwa kwa kompyuta lamulolo lilibe cholakwika. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwatsegula fayiloyo n'kuwerenga nokha kuchokera pachikuto.

Mukamaliza, funsani kuti masamba atuluka angati:

```
qpdf --show-npages pempho.pdf
```

M'chitsanzo chathu yankho liyenera kukhala 6: limodzi la kalata, awiri a mbiri, atatu a masatifiketi. Likakhala 9, ndiye kuti munaiwala manambala aja ndipo chiphaso cha unzika chalowa nawo. Komabe kuwerenga kokha sikukwanira. Tsegulani fayiloyo muione ndi maso tsamba ndi tsamba musanaitumize.

Amene sakonda kulemba malamulo asadandaule. PDF Arranger imaonetsa masamba onse ngati tizithunzi tating'ono, ndipo mumangowakoka ndi mausi, kufufuta osafunika, n'kusunga. Preview ya pa Mac imachitanso zomwezo. Pa Windows 10 ndi 11, potulutsa masamba okha, mukhoza kusankha Microsoft Print to PDF ngati pulinta n'kulemba masamba ofunikawo, ngakhale kuti njira imeneyi imataya malo odina opita ku masamba ena.

Kuphatikiza sikuchepetsa kukula kwa fayilo. Mafayilo atatu osikana a 4 MB iliyonse apanga fayilo ya pafupifupi 12 MB, ndipo ngati olemba ntchito anaika malire a 5 MB, idzakanidwa. Vutoli limayambira posikana: pepala lolembedwa limawerengeka bwino pa 150 kapena 200 dpi, osafunika 600. Chenjeraninso ndi chikalata chosainidwa pa kompyuta ndi siginecha yotsimikizika. Mukachiphatikiza ndi china, siginechayo imasiya kugwira ntchito ngakhale ikuonekabe pa tsamba, choncho chikalata chotero chitumizeni pachokha.