Phala la M'mamawa pa Depoti

Tafikani padepoti ya basi m'mamawa muone: mandasi ali mbwee, koma chakumwa chotentha n'chosowa. Apa ndiye pali msika wa phala.

Zida zake n'zochepa: mbaula, poto, chipande, makapu ndi ndowa yotsekera. Ufa ukhale wamgaiwa makapu anayi, wasoya wokazinga kapu imodzi. Soya wosakazinga amanunkha chiwisi, ndipo wogula sabweranso mawa.

Vuto lalikulu ndi kuzizira. Phala likapola limalimba, choncho liphikeni lamadzimadzi pang'ono, mukulunge ndowa ndi bulangete loyera. Shuga musathiriretu, ena adokotala anawaletsa. Lotsala musagulitse mawa lake, limasasa.

Yambani ndi poto mmodzi. Akamatha dzuwa lisanakwere, onjezerani wachiwiri.