Kutembenuza nambala kuti samu yokhota iwongoke

Mu Disembala 1695, katswiri wa masamu wa mumzinda wa Basel ku Switzerland, Jacob Bernoulli, anaika funso m'magazini ya anthu ophunzira yotchedwa Acta Eruditorum, yomwe inkasindikizidwa ku Leipzig. Funsolo linali ikweshoni imodzi imene njira zodziwika za nthawi imeneyo zinkaikanika. Chaka chotsatira Gottfried Leibniz ananena kuti ikweshoniyo ingathe kusandutsidwa ina yosavuta, ndipo mu 1697 mng'ono wake wa Jacob, Johann, anasindikiza njira yake. Abale awiriwa ankapikisana koopsa, koma dzina limene linakakamira pa ikweshoniyo ndi la banja lawo, ndipo mpaka lero ophunzira a ku yunivesite amaitcha ikweshoni ya Bernoulli.

Ikweshoni ya mtundu uwu sifunsa nambala imodzi ngati samu za ku pulayimale. Imanena liwiro limene chinthu chikusinthira, ndipo ntchito ya munthu ndi kupeza kuchuluka kwa chinthucho pa nthawi iliyonse. Chinthucho amachilemba `y`, liwiro la kusintha kwake `y'`. Ikweshoniyo imaoneka chonchi:

```
y' + P·y = Q·y^n
```

`P` ndi `Q` ndi zodziwika kale, kaya manambala okhazikika kapena zinthu zosintha ndi nthawi. Chovuta chili kumapetoko, pa `y^n`. Ngati `y` akuoneka yekha, wosachulukitsidwa ndi iye mwini, ikweshoni imakhala yowongoka, ndipo pali njira yoithetsera imene siphonya. Koma `y` akangokwezedwa pa pawa, monga `y·y`, njirayo imaima.

Nkhaniyi imamveka bwino ndi nsomba. Mu 1838, Pierre-François Verhulst wa ku Belgium analemba ikweshoni yofotokoza kuchulukana kwa anthu m'dziko limene chakudya ndi malo zili ndi malire, ndipo pambuyo pake akatswiri a za usodzi anaitenga n'kumaigwiritsa ntchito pa nsomba. Tiyerekeze dziwe limene lingasunge nsomba 1,000 basi, ndipo muli nsomba 100. Manambalawa ndi ongopeka kuti samu ioneke poyera:

```
y' = 0.5·y − 0.0005·y^2
```

Gawo loyamba ndi kuswana: nsomba zikachuluka, ana amachulukanso. Gawo lachiwiri ndi kuthinana, kulimbirana chakudya. Pamene nsomba zili 100, kuswana kumapereka 50, kuthinana kumachotsa 5, choncho zikuwonjezeka pa liwiro la 45 pa chaka. Zikafika 1,000, mbali zonse ziwiri zimakhala 500, ndipo chiwerengero chimaima. Apa `n` ndi 2.

Nzeru yake ndi yosiya kufunsa za `y` n'kuyamba kufunsa za chinthu china chopangidwa kuchokera kwa iye. Lamulo lake ndi `v = y^(1−n)`. Pakuti `n` ndi 2, `v` ndi `1/y`, kutanthauza gawo la dziwe limene nsomba imodzi ili nalo. Nsomba zikakhala 100, iliyonse ili ndi 0.01 ya dziwe. Zikakhala 1,000, iliyonse ili ndi 0.001.

Kusankha kumeneku si kwa maula ayi. Mukagawa ikweshoni yonse ndi `y^2`, pawa wovuta uja amachoka kumapeto, n'kusiya `y'/y^2` kumanzere ndi `0.5/y` kumanja. Tsono malamulo a kalikyulasi amati liwiro la kusintha kwa `1/y` ndi `−y'/y^2`. Ndiye kuti zidutswa zonse ziwiri zotsalazo ndi za `v` yemweyo: china ndi iye mwini, china ndi liwiro lake. Pawa wa `1−n` ndi amene amachititsa kuti zidutswazo zigwirizane chonchi nthawi zonse. Zotsatira zake ndi izi:

```
v' = −0.5·v + 0.0005
```

Palibenso pawa. Ikweshoni yatsopanoyi ikunena chinthu chapafupi kwambiri: `v` akupita ku 0.001, ndipo mpata umene watsala kuti afike umachepa ndi gawo lofanana chaka chilichonse. Poyamba mpatawo ndi 0.009, kuchokera pa 0.01 kufika pa 0.001. Chaka chikatha, pamatsala pafupifupi magawo 61 pa 100 a mpata umene unalipo. Olemba masamu amati:

```
v = 0.001 + 0.009·e^(−0.5·t)
```

pamene `t` ndi zaka, ndipo `e` ndi nambala yodziwika ya pafupifupi 2.718. Chotsala ndi kutembenuzanso kuti tibwerere ku nsomba. Patatha zaka 2, `v` ndi pafupifupi 0.00431, choncho nsomba ndi 232. Patatha zaka 4 ndi 451, patatha zaka 10 ndi 943. Mu nsomba, kukula kumayamba pang'onopang'ono, kuthamanga pakati, kenaka n'kufooka. Mu `v` mulibe zokhotakhota zonsezo, ndi mpata umodzi wongofota mwakachetechete.

Amene amachonga mayeso amadziwa pamene ophunzira amagwera. Malo oyamba ndi kachizindikiro kochotsera kaja ka `−y'/y^2`. Wokaiwala amapeza `v` akukula m'malo mochepa, ndipo akatembenuza, nsomba zake zimanka zikutha m'dziwe la chakudya chambiri. Kuzindikira cholakwachi sikufuna luso lalikulu: ikweshoni yoyamba inanena kale kuti nsomba 100 zikuwonjezeka ndi 45 pa chaka, ndiye yankho loti zikuchepa ndi labodza. Ena amaika 100 pamalo pa `v`, kuiwala kuti chiyambi nachonso chiyenera kutembenuzidwa kukhala 0.01.

Palinso yankho lina limene limasowa mwakachetechete. Dziwe lopanda nsomba limakhalabe lopanda nsomba, choncho `y = 0` ndi yankho loona la ikweshoni yoyamba ija. Koma pogawa ndi `y^2` munthu amakhala wavomereza kale kuti `y` si ziro, ndipo `1/y` sangaimire dziwe lopanda kanthu. Yankho limeneli amalilemba padera, ndi dzanja.

Njirayi ilinso ndi polekezera pake, ndipo usodzi womwewo umapaonetsa bwino. Ngati asodzi akugwira gawo la nsomba zimene zilipo, tinene 10 pa 100 iliyonse pa chaka, 0.5 uja amangotsika kukhala 0.4, ndipo njira ya Bernoulli imagwirabe. Koma akamagwira nsomba 40 chaka chilichonse posayang'ana kuti zatsala zingati, mu ikweshoni mumalowa nambala yoima payokha, yopanda `y`. Mukagawa ndi `y^2`, nambalayo imasanduka `40·v^2`, ndipo pawa amene munamuthamangitsa pakhomo wabwerera kudzera pa windo. Ikweshoni yotero ndi ya gulu lina, lotchedwa ndi dzina la Riccati, ndipo imafuna njira zina.

Pawa sakhala 2 nthawi zonse. Ludwig von Bertalanffy, katswiri wa zamoyo wa ku Austria, anafotokoza kukula kwa thupi la nyama imodzi ponena kuti kumanga thupi kumayendera `w^(2/3)`, pamene `w` ndi kulemera, pomwe kutha kwa thupi kumayendera `w` yekha. Apa `n` ndi 2/3, choncho lamulo lija limapereka `v = w^(1/3)`. Popeza kulemera kwa nsomba kumayendera pafupifupi utali wake utachulukitsidwa katatu ndi iwo womwe, `v` ameneyu akuimira utali wa nsomba, umene ofufuza za usodzi amayeza pa thabwa lokhala ndi rula nsomba ikangotuluka m'madzi.