Wojambula wa pa Ukwati Amatchaja Bwanji?

Loweruka lililonse m'miyezi yachilimwe, maholo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amakhala odzaza. Pakati pa nthungululu ndi perekaniperekani pamakhala mnyamata kapena mtsikana wa kamera pakhosi, uku athamangira, uku agwada, thukuta lili kamukamu. Anthu akamva kuti walandira masauzande mazana angapo pa tsiku limodzi, amati ameneyo ndiye wadyerera. Koma tsiku limodzilo n'lomwe amaona iwo. Ntchito yambiri imachitika alendo atabalalika, ndipo ojambula ambiri ongoyamba kumene amagwa chifukwa mtengo wawo umangowerengera Lowerukalo basi.

Lusolo palokha si lamasewera. Mkwatibwi amavala zoyera mbee, mkwati suti yakuda, ndipo onse awiri ayenera kuoneka bwino pa chithunzi chimodzi. Kamera ikasiyidwa kuti iziganizira yokha, imanyengeka ndi kuwala kwa diresi, nkhope n'kutuluka zakuda bii. Wojambula akawalitsa mopitirira, maluwa osokedwa pa diresi amafufutika, pamangotsala chigamba choyera. Wodziwa ntchito amayeza kuwala payekha, amajambula mu RAW kuti akathe kukonza pakompyuta, ndipo masana dzuwa likakhala paliwombo amawatengera akwati pamthunzi. M'tchalitchi muli vuto lina: mumakhala mdima, ndipo atsogoleri ena salola fulashi kapena kuyendayenda kuguwa. Zimenezi zimafunsidwa pa tsiku loyeserera, osati mwambo uli mkati.

Kwa wa vidiyo, chomwe chimagwetsa ambiri ndi mawu. Maikolofoni ya pa kamera imatola phokoso la holo yonse, malumbiro osamveka. N'chifukwa chake akatswiri amamuveka mkwati kamaikolofoni pa jekete, kapena amalumikiza chojambulira mawu ku mikisa ya zimkuzamawu. Mphete imavekedwa kamodzi kokha. Khadi ikafa kapena batire ikatha nthawi imeneyo, palibe angauze abusa kuti abwereze, choncho kamera yachiwiri ndi mabatire apadera ndi mbali ya mtengo, makamaka m'dziko limene magetsi a ESCOM amatha kuthima nthawi iliyonse.

Nanga mtengowo umapangidwa bwanji? Nachi chitsanzo chongoyerekeza, popeza mitengo imasintha mwezi ndi mwezi. Wojambula wapeza ukwati wa mumzinda momwemo. Galimoto yomuyendetsa kuchokera kosaluni, kutchalitchi, kojambulitsa mpaka kuholo yamudyera K60,000. Womuthandiza wamupatsa K50,000, kamera yachiwiri wabwereka pa K40,000, kutsukitsa zithunzi ndi alubamu K90,000, ndipo fulashi disiki ndi bandulo yotumizira zithunzi K20,000. Zonse pamodzi ndi K260,000, ndalama yotuluka m'thumba iye asanadyepo kanthu.

Pali ndalama ina imene sioneka ikamatuluka, ya kutha kwa zipangizo. Chitseko cha mkati mwa kamera chili ndi malire ake: makamera ambiri apakatikati anapangidwa kuti chithetheke nthawi pafupifupi 100,000 mpaka 150,000, ndipo ukwati umodzi ukhoza kudya zithunzi zoposa 1,000. Ngati kamera, malenzi ndi laputopu zinagulidwa pa K3,000,000, ndipo zikuyembekezeka kugwira ntchito 75 pa zaka zitatu, ndiye kuti ntchito iliyonse iyenera kubweza K40,000. Apa tafika pa K300,000.

Kenako thukuta. Tsiku lokumana ndi komiti ndi kukaona malo, tsiku la ukwati lenilenilo kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, ndi masiku atatu osankha ndi kukonza zithunzi: onse pamodzi asanu. Akadzilipira K40,000 pa tsiku, ndi K200,000. Akaikapo gawo limodzi mwa magawo asanu la phindu ndi zadzidzidzi, mtengo ufika pa K600,000.

Tsono mnzake wina, poopa kuluza kasitomala, wavomera ukwati womwewo pa K350,000. Iye akuona ngati watsala ndi K90,000, koma akachotsa ya zipangizo watsala ndi K50,000 yokha, kutanthauza K10,000 pa tsiku. Chizindikiro cha mtengo wotere sichivuta kuona: munthu amakhala ndi ntchito Loweruka lililonse, koma lenzi ikasweka amasowa yogulira ina, ndipo zithunzi za eni ake zimatha miyezi zisanaperekedwe chifukwa ndalama yotsukitsira anadyera kale.

Kugwa kwa kwacha kwawonjezera phunziro lina. Ndalamayi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makamera, nsalu zokutira mipando, maluwa apulasitiki ndi magetsi okongoletsera, pafupifupi zonse n'zochokera kunja. Wokongoletsa amene anagwirizana mtengo miyezi isanu ndi umodzi ukwati usanachitike anapezeka akugula katundu pa mtengo watsopano ndi ndalama yakale. Njira yake ndi kulemba pa kotesheni kuti mtengowo ugwira ntchito masiku 30, kulandira theka ngati dipoziti n'kugula katundu nthawi yomweyo, ndi kumaliza zotsala tsiku lisanafike. Mawu akuti "tikupatsani ikatha perekaniperekani" aliza amisiri ambiri, chifukwa ndalama ya m'lichero imakhala ndi eni ake ambiri. Okongoletsa amachita bwino kutchaja pa mpando ndi pa tebulo, n'kulemba padera mtengo wa kutsogolo kokhala akwati, mayendedwe, kuchapitsa nsalu ndi zosweka. Akatero, komiti ikawonjezera alendo 50, aliyense amadziwa chowonjezera popanda mkangano.

Maliro ndi nkhani ina. Sapereka nthawi: foni imalira usiku, mawa lake munthu ali pamsewu wopita kumudzi, ndipo kwa Asilamu thupi limaikidwa mwamsanga kwambiri. Masiku ano mabanja ambiri amafuna vidiyo kapena kuonetsa mwambo pompopompo pa Facebook kuti abale a ku Joni ndi ku Mangalande atsanzikane ndi wokondedwa wawo. Zikatero wojambula ayenera kuyesa netiweki ya Airtel ndi ya TNM akangofika, n'kukonzekera bandulo yoposa 1 GB pa ola lililonse, komanso kusunga vidiyoyo pa khadi kuti netiweki ikathawa mwambo usatayike.

Ulemu pano umaposa luso. Wojambula amavala zosaonekera patali, sayatsa fulashi pamaso pa namfedwa, sajambula nthawi yoona nkhope pokhapokha banja litapempha, ndipo kumanda salowa ndi kamera asanamve kwa amfumu ndi adzukulu. Mtengo wake uyenera kukhala wachidule ndi wokonzeratu: maola akutiakuti, mayendedwe, bandulo, basi. Chimodzimodzi kwa obwereketsa matenti, mipando ndi opanga nkhata. Kukweza mtengo chifukwa anthu ali m'misozi ndi nkhanza, koma kugwira ntchito osatchula mtengo n'komwe kumabala chidani pambuyo pake. Nkhaniyo imakambidwa pambali, ndi munthu mmodzi amene banja lamusankha, kawirikawiri malume kapena wosunga ndalama ya chipepeso, ndipo zomwe agwirizana zilembedwe ngakhale pa WhatsApp.

Kwa amene mukukonza ukwati chaka chino, musanafunse kuti "mutichotsera zingati", pemphani kuona zithunzi za ukwati umodzi wathunthu, osati khumi zosankhika zokha. Funsani ngati pali kamera yachiwiri, zithunzi zidzakhala zingati, ndi tsiku limene mudzazilandire, ndipo mayankhowo alembedwe pa pepala musanapereke dipoziti.