Kalata yotsanzikana ndi wophunzira ntchito: muzilembamo zomwe anachitadi

M'makampani aang'ono a ku Limbe, ku Area 3 mu Lilongwe kapena ku Mzuzu, si zachilendo kupeza mnyamata kapena mtsikana wa ku koleji atakhala pa tebulo la pakona, akugwira ntchito yomwe amaitcha atachimenti. Ena amachokera ku MUBAS kapena ku LUANAR, ena m'makoleji a ntchito zamanja omwe ali pansi pa TEVETA. Miyezi itatu ikatha, anzake amasonkherana kugula zakumwa ndi keke, bwana amayankhula mawu ochepa, ndipo wophunzirayo amapatsidwa kalata yomuthokoza. Kalata zambiri zotere zimangoti anali wakhama, waulemu ndi wosunga nthawi, tikumufunira zabwino zonse. Mawuwa ndi okoma, koma angathe kulembedwa za wina aliyense, ngakhale amene sanapondepo pa ofesipo.

Vuto lake ndi lakuti wophunzirayo sasunga kalatayi ngati chikumbutso chabe. Akamaliza sukulu ndi kuyamba kufunsira ntchito, amaijambulitsa ndi kuiphatikiza ku masatifiketi ake, chifukwa pafupifupi malonda onse a ntchito amafuna munthu amene anagwirapo kale kwina. Kwa iye, miyezi itatu ija ndi yokhayo yomwe angaloze. Wolemba anthu ntchito akawerenga kuti anali wakhama, sadziwa ngati mwanayu amadziwa kulemba malisiti kapena ankangotumidwa kukagula mandasi a tiyi wa m'mawa.

Tiyerekeze kampani ya anthu asanu yowerengera ndalama za masitolo ndi magalaja, yomwe yakhala ndi mtsikana wophunzira za akawunti kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Bwana asanagwire cholembera, ayambe watsegula logibuku ya mtsikanayo, buku lija amalembamo zomwe wachita ndipo womuyang'anira amasainamo. Kenako afunse amene ankakhala naye pafupi funso limodzi: ndi ntchito iti yomwe pofika mwezi wachitatu mumamusiyira osayang'ananso kawiri? Yankho la funso limeneli ndiye mtima wa kalata yonse. Mwina mwezi woyamba ankangosanja malisiti m'mafayilo, wachiwiri anayamba kuwalowetsa mu Excel, ndipo wachitatu ankayerekeza yekha buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki. Kukwera kumeneku kuoneke m'kalatamo, chifukwa kumasonyeza kuti munthuyu amaphunzira msanga popanda kunena kuti amaphunzira msanga.

Kalata yake ingamveke motere:

"Kwa Mayi Uje. Takhala nanu kuyambira Juni mpaka Ogasiti ngati wophunzira ntchito mu gawo la akawunti. Munayamba ndi kusanja malisiti, koma pofika mwezi wachitatu munali mukuyerekeza nokha mabuku a makasitomala athu awiri ndi masitetimenti a ku banki. Munathandizanso kukonza mapepala a msonkho wa PAYE kuti afike ku MRA lisanadutse tsiku la 14, ndi a VAT lisanadutse la 25. Tikukumbukira makamaka tsiku lomwe mabuku anakana kugwirizana, inu nkupeza kuti invoisi imodzi inalowetsedwa kawiri, ndipo munabwera kudzatiuza m'malo mongokonza mwakachetechete. Zikomo kwambiri. Mukadzafuna munthu wokuchitirani umboni pofunsira ntchito, mudzatchule kampani yathu, ndipo mukamadutsa kuno muzitichezera."

Onani kuti m'kalatamu mulibe mawu akuti wokhulupirika, komabe aliyense wowerenga nkhani ya invoisi ija aona yekha kukhulupirikako. Nkhani imodzi yeniyeni ndi yokwanira; zikachuluka, kalata imasanduka lipoti. Onaninso kuti akutchulidwa kuti inu, osati iwe, ngakhale atakhala wa msinkhu wa mwana wa bwanayo. Pa ofesi mwina ankamuitana kuti achemwali kapena mwana wathu, ndipo pa phwando lotsanzikana palibe cholakwika kutero. Koma pepalali lidzawerengedwa ndi alendo, choncho liyenera kumuonetsa ngati munthu wamkulu wa pa ntchito.

Pali zina zomwe siziyenera kulowamo. Mayina a makasitomala ndi kuchuluka kwa ndalama zawo ndi chinsinsi cha kampani, ndipo kalatayi idzayenda m'manja ambiri. Ndi chifukwa chake chitsanzo chija changoti makasitomala awiri. Komanso musamukweze pomwe sanafike. Mukalemba kuti ankakonza yekha misonkho yonse pomwe ankangothandiza, mwamutchera msampha, chifukwa pa intavyu adzamufunsa momwe amachitira pa Msonkho Online ndipo adzangoti kakasi. Mawu akuti anathandiza ndi akuti anachita yekha asiyanitsidwe mosamala.

Mbali yovuta kwambiri, m'kuona kwanga, ndi ya kumulandiranso. Ife Amalawi sitikonda kutsanzikana mouma, ndiye bwana amapezeka walemba kuti khomo ndi lotsegula, pano ndi panu, mudzabwerenso. Iye akutanthauza kucheza, koma wachinyamata amene akudziwa mmene ntchito zikusowera amamva kuti malo akumudikira. Ena amafika posalimbikira kufunsira kwina, kenako akabwera ndi digiri yawo nkuuzidwa kuti kampani ilibe ndalama zolembera munthu wina, ubale umathera pomwepo. Ngati ntchito ilipodi, ilembedwe m'kalata ina yonena udindo, malipiro ndi tsiku loyamba. Ngati palibe, nenani chokhacho chomwe mungathe: kumuchitira umboni, kumudziwitsa mpata ukapezeka, kapena kumulandira akabwera kudzafunsa nzeru.

Nanga wophunzira amene sanachite bwino? Kalata yothokoza si bwalo la milandu. Zofooka zake, monga kuchedwa kapena kukhalira foni, amuuze pamaso ali awiri, ndipo zilembedwe pa fomu ya ku koleji yomwe inakonzedwera zimenezo. M'kalatamo mulembe nthawi yomwe anakhala ndi ntchito zomwe anagwira, nkusiya zomutamanda zomwe simukuzikhulupirira. Ngakhale lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limayenda mofananamo pa anthu olembedwa ntchito: satifiketi yomwe munthu amalandira ntchito ikatha imanena utali wa nthawi ndi udindo wake, koma siiweruza kagwiridwe kake ka ntchito pokhapokha mwiniwake atapempha.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma ndi zomwe zimagwetsa kalata zambiri. Dzina lilembedwe monga lilili pa chiphaso cha unzika, osati lomwe ankamutchula pa ofesi. Kalata ikhale pa pepala la kampani, ya tsamba limodzi, yokhala ndi tsiku, saini, chidindo ndi nambala ya foni yomwe imayankhidwa. Popeza olemba ntchito ambiri amafuna Chingerezi, palibe choletsa kulemba ziwiri, ya Chingerezi yoyenda nayo ndi ya Chichewa yowerenga pamaso pa anzake, bola zonse zinene zofanana. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wabwino, koma sulowa m'malo mwa pepala losainidwa.

Eni makampani aang'ono, lembani kalatayi sabata yomaliza isanayambe, mum'patse wophunzirayo aione ngati dzina ndi miyezi zili bwino, ndipo atuluke nayo m'manja tsiku lomaliza. Musamuuze kuti adzabwere kudzatenga, chifukwa ambiri mwa ana amenewa alibe ndalama ya minibasi yobwerera kawiri katatu kudzapeza kuti bwana atuluka.