Makina akamakalamba, msonkho umawerengedwa bwanji?

Munthu akagula makina a chigayo pa K20 miliyoni, mtima umamuuza kuti ndalama yonseyo ayichotse pa phindu la chaka chomwecho, popeza yatulukadi m'thumba. Owerengera ndalama za makampani salola zimenezo. Makinawo agwira ntchito zaka zingapo, choncho mtengo wake umagawidwa pa zaka zonsezo, ndipo chaka chilichonse amachotsako gawo limene akuganiza kuti lafanana ndi kutha kwa makinawo. Kuchotsa kumeneku amakutcha dipulisiyeshoni. Palibe ndalama imene imatuluka pochita zimenezi, ndi nambala ya m'buku chabe, koma nambala imeneyi imatsitsa phindu, ndipo msonkho umawerengedwa pa phindu.

Njira zodziwika zogawira mtengowu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yochotsa mofanana chaka chilichonse. Yachiwiri ndi yochotsa peresenti pa mtengo umene watsala. Tiyerekeze kuti mwini chigayo chija ndi kampani, imene imalipira msonkho wa 30 peresenti monga makampani ambiri kuno ku Malawi. Tinene kuti ikalipira magetsi, antchito ndi lendi, imatsala ndi K15 miliyoni chaka chilichonse, ndipo makinawo akuyembekezeka kugwira ntchito zaka zisanu n'kutheratu.

Njira yoyamba ilibe zovuta. K20 miliyoni kuigawa pa zaka zisanu ndi K4 miliyoni pachaka. Phindu lokhomera msonkho likhala K11 miliyoni chaka choyamba, chachiwiri ndi chachitatu chimodzimodzi, ndipo msonkho wake ndi K3.3 miliyoni pachaka. Pa zaka zitatu kampaniyo yalipira K9.9 miliyoni, ndipo m'buku makinawo atsala ndi mtengo wa K8 miliyoni.

Njira yachiwiri ikufuna kuyenda nayo pang'onopang'ono. Tisankhe 40 peresenti. Chaka choyamba tichotsa 40 peresenti ya K20 miliyoni, yomwe ndi K8 miliyoni. Phindu lokhomera msonkho latsika kufika pa K7 miliyoni, msonkho ndi K2.1 miliyoni basi. Chaka chachiwiri sitibwereranso ku mtengo wogulira. Makinawo tsopano m'buku ali pa K12 miliyoni, ndiye 40 peresenti ya ndalama imeneyi ndi K4.8 miliyoni. Phindu lakwera kufika pa K10.2 miliyoni, msonkho K3.06 miliyoni. Chaka chachitatu mtengo wotsala ndi K7.2 miliyoni, chochotsa chake K2.88 miliyoni chokha, ndipo phindu lokhomera msonkho lafika pa K12.12 miliyoni. Msonkho wa chaka chimenechi ndi K3.636 miliyoni, woposa wa njira yoyamba ija.

Chaka chachitatuchi ndi chimene chimadzidzimutsa anthu. Chigayo chikugaya matumba omwe aja, makasitomala sanachuluke, koma msonkho wakwera kuchoka pa K2.1 miliyoni kufika pa K3.6 miliyoni ndi kanenepo. Amene anazolowera msonkho wa chaka choyamba osasunga kanthu amayamba kukayikira akauntanti wake, pamene chasintha ndi chochotsa chokha chimene chikunka nichichepa. Komabe tikaphatikiza zaka zitatu zonse, njira yachiwiri yalipiritsa K8.796 miliyoni. Kampaniyo yatsala ndi K1.104 miliyoni m'manja imene ikanapita ku msonkho ikanatsata njira yoyamba.

Ndalama imeneyi boma silinaikhululuke, langochedwa kuitenga. Njira ziwirizi zikugawa K20 miliyoni yomwe ija, ina yangotenga zambiri koyambirira n'kusiya zochepa za mtsogolo. Umboni wake umaoneka bwino makinawo akagulitsidwa. Tinene kuti pakutha pa chaka chachitatu wina wawagula pa K10 miliyoni. Mwa njira yoyamba, m'buku anali pa K8 miliyoni, ndiye phindu la kugulitsako ndi K2 miliyoni. Mwa njira yachiwiri anali atatsika kufika pa K4.32 miliyoni, ndiye phindu ndi K5.68 miliyoni. Kusiyana kwake ndi K3.68 miliyoni, ndipo 30 peresenti ya ndalama imeneyi ndi K1.104 miliyoni, ndendende ija inatsala m'manja.

Ineyo sindiona kuchedwa kumeneku ngati chinthu chaching'ono, makamaka m'dziko lathu lino. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Miliyoni imene munthu anaisunga m'bizinezi yake nthawi imeneyo n'kugulira malamba ndi masefa a chigayo mitengo isanakwere, inagula zambiri kuposa miliyoni imene adzalipire patapita zaka. Komanso zaka zoyamba ndi zimene ngongole yogulira makina imaluma kwambiri. Msonkho wochedwa uli ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja, ndipo imabwera pa nthawi imene ndalama ikusowekadi.

Pali chikhulupiriro china chimene chimasokeretsa, chakuti kuchotsa pa mtengo wotsala kumachepetsa msonkho wa zaka zoyamba nthawi zonse. Zimatengera peresenti. Tikanagwiritsa ntchito 20 peresenti m'malo mwa 40, chaka choyamba tikanachotsa K4 miliyoni, mofanana ndi njira yoyamba, koma chachiwiri K3.2 miliyoni ndipo chachitatu K2.56 miliyoni. Pa zaka zitatu msonkho ukanakhala K10.572 miliyoni, kuposa wa njira yoyamba ndi K672,000. Peresenti ikakhala imodzi, njira yochotsa mofanana ndiyo imapambana kuyambira chaka chachiwiri. Ndiponso njira ya mtengo wotsala siifikitsa makina pa ziro, pamakhala kotsalira kamene kamangochepa chaka ndi chaka. Wina akakuuzani kuti njira iyi ndiyo yabwino, funsani kaye kuti akunena pa peresenti ingati.

Kufika pano tayerekeza ngati mwini bizinezi ali ndi ufulu wosankha njira imene msonkho uwerengedwere. Ufulu umenewo ali nawo m'mabuku ake okha, amene amaonetsa kubanki ndi kwa eni masheya. Pa fomu ya msonkho, bungwe lotolera misonkho la MRA silivomera dipulisiyeshoni ya m'mabukuwo. Akauntanti amaibwezera pa phindu, kenaka amachotsa maalawansi amene lamulo la misonkho linakhazikitsa. Pa makina ndi magalimoto, alawansi ya pachaka imawerengedwa pa mtengo wotsala, ndipo mtundu uliwonse wa katundu uli ndi peresenti yake. Palinso maalawansi apadera a chaka choyamba, amene kwa opanga zinthu m'mafakitale amakhala aakulu ndithu, moti phindu lokhomera msonkho limagwa kwambiri chaka chogulira makina n'kudzakwera chaka chotsatira.

N'chifukwa chake kampani imodzi imakhala ndi mitengo iwiri ya makina omwewo, wina wa m'mabuku, wina wa msonkho, ndipo uliwonse umafuna kaundula wake. Cholakwika chofala ndi kutenga phindu la m'mabuku, monga K11 miliyoni ija, n'kungoliwerengera 30 peresenti. China ndi kuchotsa zonse ziwiri, dipulisiyeshoni ndi alawansi, zimene zimabweretsa chindapusa akuluakulu a msonkho akadzayendera mabuku. Kuti mudziwe ngati zanu zili bwino, pemphani pepala lowerengera msonkho. Payenera kukhala mzere wobwezera dipulisiyeshoni pa phindu, ndi wina wochotsa maalawansi, ndipo mtengo wotsala umene makina ayamba nawo chaka chino ufanane ndi umene anamaliza nawo chaka chatha.